Nditenge zingati pakamodzi, ndisiye zingati za pamwezi?

"Ndipuma pantchito chaka chamawa ndili ndi zaka 60. Kuthumba la penshoni andiuza kuti ndili ndi K20 miliyoni. Ana akuti nditenge zonse ndigule minibasi, mayi akunyumba akuti tizilandira pamwezi. Nyumba yathu yakumudzi sinathe. Nditani kuti ndalamazi zisandithere m'manja?" Bambo wina wa ku Zomba

Bambo, zikomo pondilembera. Choyamba, lamulo silikulolani kutenga zonse. Lamulo la penshoni la 2011 linkalola munthu wopuma kutenga mpaka K40 pa K100 iliyonse pakamodzi, ndipo la 2023 linakweza malirewo kufika theka. Amene amapatsidwa zonse ndi omwe ndalama zawo n'zochepa kwambiri. Choncho kwa inu zotenga pakamodzi sizingapose K10 miliyoni, ndipo simukukakamizidwa kutenga theka lonselo.

Zotsalazo zili ndi njira ziwiri. Mutha kuzipereka kukampani ya inshulansi ya moyo kuti izikulipirani mwezi uliwonse mpaka tsiku lomwalira, kaya mukhale ndi moyo zaka 95. Kapena mutha kuzisiya m'thumba kuti zizipindula, inu n'kumatapa pang'onopang'ono pa ndondomeko yomwe mwagwirizana. Njira yachiwiriyi ubwino wake ndi wakuti mukamwalira zotsala zimapita kwa abale omwe munawalembetsa, koma ndalamazo zitha kutha inu mukadali moyo.

Apa mayi akunyumba akunena zoona, komabe pali mdani amene muyenera kumuwerengera, ndiye kukwera mitengo kwa zinthu. Tiyerekeze kuti pa K10 miliyoni akuuzani kuti muzilandira K100,000 pamwezi, yosasintha (nambalayi n'chitsanzo chabe, yeniyeni akupatseni molemba). Zinthu zikamakwera ndi K25 pa K100 chaka chilichonse, pakatha zaka zitatu K100,000 yanu izigula zomwe K51,000 ikugula lero. Izi si nthano, tonse tinaona kwacha ikugwa ndi 25 peresenti mu 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankalandira penshoni yosakwera anangoona thumba la feteleza likuwathawa.

N'chifukwa chake musasaine msanga. Funsani makampani angapo, ndipo aliyense mumufunse mafunso omwewa. Kodi malipiro azikwera chaka ndi chaka, ndipo ndi zingati? Okwerawo amayambira pansi, mwina muona ngati akuberani, koma kwa munthu wa zaka 60 wathanzi ndi amene ine ndingasankhe. Kodi mukatsogola ndinu, mayi azipitiriza kulandira gawo lanji? Nanga mukamwalira chaka choyamba, pali zaka zingati zomwe banja lizilandirabe? Funso la mayili musalidumphe. Zimandipweteka mtima kuona mayi wamasiye akuuzidwa kuti malipiro anathera pamanda chifukwa bambo anasankha ndalama yooneka yaikulu ya iwo okha.

Tibwere ku K10 miliyoni ya m'manja. Mukangoiika kubanki n'kumatapa K250,000 pamwezi, itha m'miyezi 40, chiwongoladzanja chikachuluka mwina ipitirirako pang'ono. Ndiye kuti zaka 64 zikukupezani mulibe kanthu. Ndalamayi ipatseni ntchito isanafike, mulembe papepala limodzi ndi mayi.

Ine ndingayambe ndi ngongole, makamaka ya katapila ngati ilipo, kenaka nyumba. Itanani mmisiri awerengere malata, simenti ndi zitseko, muonjezereko pang'ono chifukwa mitengo siima. Tinene kuti zakwana K5 miliyoni. Ndalama imeneyi siibwera ndi phindu looneka, koma lendi yomwe mwasiya kulipira ndi phindu lomwe limakula chaka chilichonse eninyumba akamakweza. Patulani K1.5 miliyoni ya matenda ndi zogwa mwadzidzidzi, ikhale mu akaunti yakeyake yosalumikizidwa ku foni. Zotsala K3.5 miliyoni mungabwereketse boma kudzera kubanki yanu, pa zikalata za masiku 91, 182 kapena 364, n'kumazigawa kuti zizikhwima nthawi zosiyana. Yerekezani chiwongoladzanja chake ndi mmene zinthu zikukwerera; chikakhala chotsika, ndalama ikuchepa mphamvu ngakhale nambala ikukula, choncho musadye chiwongoladzanja chonse.

Za minibasi, ndikanena mosabisa, ayi. Ngati simunayendetsepo bizinesi yamtunduwu, injini ikangofa kamodzi mudzafuna ndalama ina yomwe mulibe, ndipo ndalama za tsiku zimadutsa m'manja mwa dalaivala ndi kondakitala inu muli kunyumba. Ana akafuna bizinesi, apatseni gawo lomwe likatayika simugona ndi njala, ndipo muwauze kuti ndi lomwelo basi.

Chimodzi choti muchite mwezi uno: pemphani sitetimenti ya penshoni yanu muone ngati abwana akhala akutumiza K10 pa K100 yawo ndi K5 yomwe amakudulani, mwezi uliwonse. Pakapezeka miyezi yosoweka, kadandauleni kwa mlembi woyang'anira mabungwe azachuma ku banki yaikulu ya dziko lino mukadali pantchito, chifukwa K20 miliyoni tikuwerengerayi itha kukhala yoperewera.