Foni ikulemba 4G koma ogula akuti simukupezeka

"Ndimagulitsa kachewere ku Lizulu. Foni yanga imalemba 4G pamwamba, koma ondiwoda ochokera ku Lilongwe amati masiku ena akaimba sindipezeka. Masiku ena imalowa koma imaduka tisanamvane mtengo. Mnyamata wina pamsika amandisinthira zamkati kuti intaneti izithamanga. Kodi ndigule ina?"

Amayi, ndalama ya foni yatsopanoyo muyambe mwaisunga. Ndikukayikira kwambiri zimene mnyamatayo amasinthazo, ngakhale kuti amachita pofuna kukuthandizani.

4G inapangidwa kuti izinyamula intaneti. Mawu a munthu woimba foni mwa masiku onse, iyo siinyamula payokha, pokhapokha ngati foni yanu ndi kampani ya simu khadi yanu zonse zili ndi chimene chimalembedwa kuti VoLTE. Ngati palibe, munthu akakuimbirani nsanja imauza foni yanu kuti itsike kaye pa 3G kapena 2G, ndipo mukatha kulankhula imakweranso. Mungadzionere nokha: imbirani mwana wanu, maso ali pamwamba pa sikirini. Mudzaona 4G ija ikusanduka H, 3G kapena E. H ndi H+ ndi 3G yomweyo, pamene E ndi 2G.

Ndiye anyamata ambiri odziwa za mafoni amatayipa nambala iyi pamalo oimbira:

```
*#*#4636#*#*
```

Imatsegula tsamba lobisika pa mafoni ambiri a Android, ngakhale pa Samsung kawirikawiri siigwira. Mmenemo amasankha "LTE only", kutanthauza kuti foni yamangidwa pa 4G, isatsikenso. Intaneti imakhazikikadi, WhatsApp nkumayenda bwino. Koma foni yopanda VoLTE ikamangidwa chomwechi ilibenso potsikira, choncho woimba amamva kuti simukupezeka pamene inu mukuona timizere ta netiweki tili mbwee. Chizindikiro china nchakuti manambala oyamba ndi nyenyezi aja, oonera yunitsi kapena otumizira ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money, nawonso amakana, chifukwa amadutsa njira yomweyo ya mawu. Pa mafoni ambiri, mukazimitsa nkuyatsanso, zimene anasinthazo zimabwerera mwakale. Nchifukwa chake vutoli lingamabwere masiku ena, masiku ena ayi. Kwa munthu amene malonda ake amadalira kuimbiridwa, "LTE only" ndimakaniza ndithu.

Tsono za kuduka pakati pa nkhani. Kumeneko kwathu nkwa mapiri, ndipo mafunde a netiweki phiri salibowola. Pamalo pamene nsanja ili kutali kapena yabisika, foni yosiyidwa kuti izisankha yokha imangokhalira kudumpha: yagwira 4G yofooka, yataya, yapita pa 3G, yabwereranso. Munthu akaimba pa nthawi ya kudumphako, kuimbako kumatayika panjira. Batire nayo imatha msanga ndipo foni imatentha m'thumba.

Timizere tija sitinena zoona zonse. Pali nambala yodalirika kuposa ito. Lowani apa, ngakhale mayina amasiyanako pang'ono malinga ndi foni:

```
Settings > About phone > SIM status > Signal strength
```

Mupeza nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo ndi zilembo dBm kumapeto. Foni ikakhala pa 4G, -85 ndi netiweki yabwino, -100 ndi yapakatikati, ndipo ikafika -110 kapena -115 ndiye kuti yangogwira ndi chala chimodzi. Nambala yotsatira kamzereyo ikamakula, mphamvu ikuchepa.

Ndinaziona bwino kwa azakhali anga cha ku Bembeke, m'nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, kuseri kwa kaphiri. Ana awo a ku Blantyre ankadandaula ngati ogula anuwo. Pabalaza foni inkalemba 4G, koma nambala ija inali -114. Titatuluka nkukaima pafupi ndi khola la mbuzi, kumtunda kwa bwalo, inabwera pa -101. Ndinaiika pa 3G yokha nkuimba kasanu kuchokera pa foni yanga. Kanayi inalira, koma mawu ankadukaduka tikalowa kuchipinda. Nditaiika pa 2G yokha, kasanu konse inalira, ndipo tinalankhula mphindi zingapo azakhali ali kukhitchini akusonkha moto. Tinaisiya pomwepo. Iwo intaneti amaifuna madzulo okha, poona zithunzi za adzukulu, ndiye mdzukulu wokhala nawo ndinamuphunzitsa kubwezera pa 4G akakwera kukhola kuja.

Posinthira pake ndi apa pa mafoni ambiri:

```
Settings > Network & internet > SIMs > Preferred network type
```

Pa Samsung ndi apa:

```
Settings > Connections > Mobile networks > Network mode
```

Mukasintha, dikirani ngati mphindi imodzi kuti foni ilumikizane ndi nsanja. Kenako yesani monga ndinachitira ine, mutaima pamalo penipeni pamene mumagulitsira, wina akuimbireni kasanu pa 3G, kasanu pa 2G. Manambala a dBm a 2G ndi 3G musawayerekeze ndi a 4G, chifukwa amayezedwa mosiyana. Pamenepa muweruze ndi khutu.

2G ili ndi mtengo wake, musadabwe nawo. Intaneti yake ikathamanga kwambiri imangofika cha m'ma 200 kbps, ndipo nthawi zambiri siifika. Uthenga wolemba umapita, koma chithunzi cha matumba a kachewere chimazungulira mpaka mutatopa, ndipo kuimba pa WhatsApp nkosatheka kwenikweni. Nchifukwa chake kwa inu ndikanakonda 3G ikanagwira bwino, poti imanyamula mawu ndi intaneti nthawi imodzi popanda kudumpha kuja. Muyambire imeneyo. Imathandizanso tsiku la msika, anthu akadzaza ndipo aliyense ali pa 4G ya nsanja imodzi: nambala ya dBm imaoneka yabwino koma palibe chikutseguka. Kutsikira pa 3G nthawi zina kumakupatsani njira yopanda anthu ambiri. Sikuti zimatero nthawi zonse, koma kuyesa sikudya yunitsi.

Pali chinanso chimene anzathu a m'tauni sachiganizira nkomwe. Pa Lizulu msewu wa M1 ukuyenda m'malire, mukaoloka kukagula tomato tsidya linalo mwaponda Mozambiki. Chimodzimodzi ku Biriwiri ndi pa mphambano ya ku Tsangano. Foni ikataya nsanja ya kwathu imatha kukakamira ya Movitel kapena Vodacom. Mukaona dzina lachilendo pamwamba kapena chilembo R pafupi ndi timizere, ndi zimenezo, ndipo kusintha 4G kupita pa 3G sikungakonze kanthu. Pamalo omwe aja posinthira pali mawu akuti "Automatically select network" kapena "Network operators". Zimitsani kusankha kokhako, dikirani foni ifufuze, kenako musankhe TNM kapena Airtel malinga ndi simu khadi yanu.

Ngati muli ndi masimu khadi awiri, chilichonse chimene ndanenachi chimasinthidwa pa simu khadi iliyonse payokha, ndiye onetsetsani kuti mukusintha ya nambala imene ogula amaimbapo.

Mukayesa zonsezi koma foni nkumadukabe, chotsani simu khadiyo muiike m'foni ya mnzanu wogulitsa pafupi nanu, muimbidwenso kasanu. Ikamalira bwino mmenemo, ndiye kuti yanuyo ili ndi vuto, mwina kamlongoti kake kamkati kanamasuka itagwa, ndipo akatswiri okonza mafoni ku Dedza boma kapena ku Ntcheu angaione musanaganize zogula ina. Ikamadukanso m'foni ya mnzanuyo, pitani ndi chiphaso chanu cha unzika ku ofesi ya kampaniyo akakuonereni simu khadiyo, ndipo mukawauze malo enieni ndi nthawi imene imaduka.