Nkhope yanga ndi yamafuta kale, ndidzolenso mafuta?

"Zikomo achemwali. Ndili ndi zaka 26 ndipo nkhope yanga imanyezimira ikangokwana 11 koloko m'mawa, makamaka pamphumi ndi pamphuno. Koma ndikasamba ndi sopo khungu limakokana ngati lauma. Mnzanga wina anandiuza kuti ndisiye loshoni, ndizidzola mafuta achilengedwe okha, ndiye ndinagula a kokonati. Patha masabata atatu, ndipo pamphumi ndi m'masaya mwatuluka tiziphuphu tating'onoting'ono topanda mafinya. Kodi mafuta ndi moyisichalaiza n'zosiyana bwanji? Alipo mafuta oyenera khungu ngati langali, ndipo ndiziyamba kudzola chiyani?"

Achemwali, botolo la kokonatilo lichotseni pagalasi lero lomwe. Musalitaye ayi, lidzakuthandizani kumiyendo ndi kuzidendene m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Kunkhope kwanu kokha ndi kumene silikufunika.

Chimene chimatisokoneza ife n'chakuti m'chilankhulo chathu zonse timangoti mafuta odzola. Loshoni ndi mafuta, vaselini ndi mafuta, giliserini ndi mafuta, a nsatsi amene agogo ankadzola nawonso ndi mafuta. Ndiye munthu akamva zoti asinthe mafuta awa ndi awo, amaona ngati wangosintha mtundu wa chinthu chimodzi chomwecho. Pomwe ntchito zake n'zosiyana.

Tengani botolo la moyisichalaiza muwerenge zolembedwa kumbuyo. Pafupifupi nthawi zonse chinthu choyamba pamndandanda chimakhala madzi. Pambuyo pake pamabwera zinthu zokoka madzi ndi kuwasunga pakhungu, monga giliserini. Kenako pamakhala timafuta pang'ono tofewetsa khungu ndi kutseka kuti madziwo asathawe msanga, komanso mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafutawo kuti asalekane m'botolo. Choncho mukadzola moyisichalaiza mwapereka madzi, mwapereka chowagwira, mwaperekanso chivindikiro.

Mafuta enieni, kaya a kokonati, a jojoba kapena a malambe, mulibe madzi ngakhale dontho. Iwo ndi chivindikiro basi. Amafewetsa pamwamba ndi kuchepetsa madzi otuluka m'khungu, koma sangaike madzi pamene palibe. Kuvindikira mphika wopanda madzi sikuphika ndiwo.

Nkhope yanu mafuta ili nawo ochuluka, kunyezimira kwa 11 koloko kuja ndi umboni wake. Chimene ikusowa ndi madzi, ndipo kukokana mukasamba kukunena zimenezo. Ndikukayikira kwambiri sopoyo. Khungu la munthu limakhala ndi asidi pang'ono, pa muyezo wa asidi wotchedwa pH limakhala cha m'ma 5, pomwe sopo wamtanda wamba amafika 9 kapena 10, kutanthauza kuti ndi wosemphana ndi asidi. Sopo wotere amakokolola ndi timafuta tomwe timamata khungu lakunja kuti lisatayitse madzi. Inu ndiye munachotsa loshoni, chinthu chokhacho chimene chinkabwezera madzi, n'kuikapo mafuta pamwamba pa mafuta.

Mnzanu uja mwina anamva zimene zimanenedwa kwambiri, zoti ukadzola mafuta khungu limaona kuti lakhuta ndipo limasiya kutulutsa ake. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Kuchuluka kwa mafuta amene khungu limatulutsa kumayendera mahomoni ndi chibadwa, ndipo kukatentha amayenderera msanga pankhope. Tizigawo totulutsa mafutawo tili mkati mwa khungu, sitidziwa kuti pamwamba mwadzolapo chiyani.

Komabe mafuta onse sali chimodzimodzi, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono. Mafuta ambiri ochokera ku zomera amakhala ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya asidi, wina wotchedwa oleiki, wina linoleiki. Amene ali ndi oleiki wambiri amakhala olemera, amachedwa kulowa, ndipo amakomera anthu a khungu louma. M'gulu limeneli muli a olivi, a mapeyala, a mfula, a makademiya ndi a cham'mwamba. Inde, cham'mwamba chathu chomwechi chimene chikutamandidwa paliponse: mafuta a njere zake ali ndi oleiki wochuluka zedi, ndipo ine sindingayambire amenewo pankhope yamafuta. Amene ali ndi linoleiki wambiri amakhala opepuka, monga a njere za mphesa ndi a mpendadzuwa wamba. A malambe ali pakati, mitundu yonse iwiri ilimo mosasiyana kwambiri.

Kusiyana kumeneku si nkhani yongomva m'manja. Akatswiri a khungu anapeza kale m'zaka za m'ma 1980 kuti mafuta a pakhungu la anthu okhala ndi ziphuphu amakhala ndi linoleiki wochepa poyerekeza ndi a anthu ena. Ndipo mu 2013 ofufuza a ku Sheffield, ku Mangalande, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anthu akuluakulu ankadzola mafuta a olivi kapena a mpendadzuwa pamkono kwa masabata anayi. A olivi anafooketsa khungu lakunja, pomwe a mpendadzuwa sanatero. Anthu ake anali ochepa ndipo unali mkono osati nkhope, choncho tisakokomeze. Koma n'zokwanira kundiletsa kuuza munthu ngati inu kuti adzole olivi kumaso. Musathamangirenso kukhitchini kukatenga a mpendadzuwa ophikira. Ena amakhala osakaniza ndi mafuta a mitundu ina, ndipo pali mpendadzuwa wina umene anachita kuukonza kuti uzitulutsa oleiki wambiri.

A kokonati ali paokha. Ambiri mwa mafuta ake ndi a mtundu wina wolimba, n'chifukwa chake kukazizira amagwirana m'botolo ngati majarini, ndipo amadziwika kuti amatseka timabowo ta pakhungu mwa anthu ambiri a nkhope zamafuta. Tiziphuphu topanda mafinya totuluka patatha masabata awiri kapena atatu ndi mmene kutsekekako kumaonekera.

Mukandifunsa kuti ndisankhe amodzi, ndingakupatseni a sikwalani. Amapangidwa kuchokera ku nzimbe kapena ku olivi, koma akamalizidwa amakhala chinthu china, chofanana ndi gawo lina la mafuta amene khungu lathu limapanga lokha. Ndi opepuka, alibe fungo, ndipo sawonongeka msanga ndi kutentha. Achiwiri ndi a jojoba, amene pabotolo nthawi zina amalembedwa ndi dzina la chomera chake, Simmondsia chinensis. Amenewa kwenikweni ndi phula lamadzimadzi, ndipo nawonso amakhalitsa. A njere za mphesa ndimawaika pachitatu chifukwa cha vuto limodzi: mafuta a linoleiki wambiri amasasa msanga. Tawerengerani nokha. Mililita imodzi imatulutsa madontho pafupifupi 20, ndiye kabotolo ka mamililita 30 kali ndi madontho pafupifupi 600. Mukamadzola awiri usiku uliwonse kadzatha patapita miyezi pafupifupi 10, ndipo kutentha kwa Okutobala kudzakhala kutakapeza pawindo la kubafa. Akayamba kununkha ngati chiwaya cha tchipisi cha dzana, atayeni. Gulani kabotolo kakang'ono, kakuda, ndipo muzikasunga m'kabati.

Koma musagule kalikonse panopa. Mwezi ndi theka woyambawu tiyeni tikonze zimene zawonongeka. Siyani sopo wamtanda kunkhope, mupeze chosambira cha kumaso chofatsa, chimene mukatsukuluza khungu silikokana. Muzisamba nacho kawiri patsiku, osapitirira. Nkhope isanaumiretu, ikadali yachinyezi, pakani moyisichalaiza wopepuka, wa mtundu wa jelo kapena loshoni yamadzimadzi, wokhala ndi giliserini chakumayambiriro kwa mndandanda. Muyezo wake ukhale ngati njere ya nsawawa. M'mawa malizani ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa. Ndikudziwa kuti ambiri timati khungu lakuda silipsa, koma chiphuphu chilichonse pakhungu lathu chimasiya banga lakuda, ndipo dzuwa ndi limene limachititsa kuti bangalo lichedwe kuchoka. Tiziphuphuto musatifinye. Ngati pakatha masabata awiri sitikuchepa, onjezerani chosambira kapena siramu, yemwe ndi mankhwala amadzimadzi odzola kumaso, wokhala ndi salisiliki asidi wa 2 peresenti, usiku kawiri kapena katatu pasabata. Asidi ameneyu amasungunuka m'mafuta, choncho amatha kulowa m'timabowo totsekekato.

Pakatha masabata sikisiwo mudzione. Ngati kukokana kwatha ndipo nkhope ili bwino, mwamaliza, mafuta a kumaso simukuwafuna. Ndikunena izi ngakhale ine ndimawakonda. Moyisichalaiza angathe kugwira ntchito yekha popanda mafuta, koma mafuta okha pankhope ngati yanu sangakwanitse.

Ngati m'masaya mukumvekabe kuuma, monga zimachitikira nthawi ya mphepo ya mwera, m'pamene mafuta amalowa. Yambani mwawayesa pansi pa chibwano kwa masiku angapo. Kadzoledwe kake n'koyamba ndi zamadzi, kumalizira zamafuta: kusamba, siramu ngati muli naye, moyisichalaiza, kenako mafuta. Chifukwa chake n'chomwe chija cha mphika, madzi amayamba kulowa chivindikiro chisanabwere. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri moyisichalaiza akhazikike, donthezani madontho awiri m'chikhatho, tikitani manja, n'kudinda m'masaya modekha. Pamphumi ndi pamphuno musafikepo, pamenepo khungu likudzipangira lokha. Ena amasakaniza dontho limodzi ndi moyisichalaiza m'dzanja n'kudzola pamodzi, ndipo palibe cholakwika. Chimene ndimaletsa ndi kuthira mafuta m'botolo la moyisichalaiza, chifukwa mumasokoneza kasakanizidwe kake ndi mankhwala oteteza kuti asawonongeke.

Mafutawa akhale a usiku okha. M'mawa amawonjezera kunyezimira kumene mukudandaula nako, komanso amachititsa kuti mafuta oteteza ku dzuwa aziterereka osagwira bwino. Ndipo oteteza ku dzuwawo musawasakanize ndi china chilichonse, azikhala omaliza, paokha.

Mukadzuka m'mawa pilo ali ndi banga la mafuta, mwachulutsa, bwererani ku dontho limodzi. Tiziphuphu tatsopano tikatuluka m'malo omwe mumadinda mafutawo, asiyeni, ndipo musamvere zoti khungu likutulutsa zoipa kaye. Mafuta wamba alibe mphamvu yotere, kumeneko n'kutsekeka basi. N'chifukwa chake ndimati chinthu chatsopano chizilowa chimodzichimodzi, kuti chikalakwa mudziwe wolakwa.

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene simunatchule: kodi tiziphuphuto timayabwa? Ngati timayabwa, tili tofanana kukula tonse, ndipo tafika m'mphepete mwa tsitsi, pachifuwa kapena kumsana, mwina si kutsekeka wamba. Pakhungu pa munthu aliyense pamakhala kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene chakudya chake ndi mafuta, ndipo mafuta ambiri a zomera amakadyetsa bwino, makamaka kukatentha munthu n'kumatuluka thukuta. Sikwalani sali m'gulu la zakudya zake, chomwe ndi chifukwa china chimene ndamuikira patsogolo. Zikakhala choncho mankhwala a ziphuphu wamba sathandiza, pamafunika a fangasi, ndiye pitani kuchipatala akakuoneni. Mukapita, kanene zonse zimene mwakhala mukudzola, kuphatikizapo kirimu aliyense woyeretsa khungu ngati munamugwiritsapo ntchito, chifukwa ena mwa amenewo amakhala ndi masiteroidi amene amatulutsa tiziphuphu tofanana ndendende ndi timeneti.