Khadi la ukwati likongole, koma agogo athe kuliwerenga

"Bambo, ndine mayi wa ku Ulongwe. Mwana wa achimwene anga akukwatiwa mu Disembala, ndipo ntchito ya makhadi oitanira anthu andipatsa ine. Mnyamata wina watikonzera pa kompyuta, ndakutumizirani chithunzi chake. Pa foni likuoneka bwino kwambiri, koma titasindikiza limodzi, ankhoswe alephera kuwerenga tsiku ndi malo. Tikufuna makhadi 150, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi. Kodi vuto ndi pepala kapena zilembo? Tisinthe chiyani tisanawononge ndalama?"

Azakhali, mwachita bwino kusindikiza limodzi kaye. Ambiri amabwera kwa ine mulu wonse utadulidwa kale, ndipo pamenepo palibenso chothandiza. Ndaliyang'anitsitsa khadi lanu. Mnyamatayo ali nalo diso la mitundu, maluwa ofiirira aja akugwirizana bwino ndi mtundu wa mkaka wa pepala. Chalakwika ndi chakuti zilembo zopotana wazipatsa ntchito imene si yake, kenako pepala ndi mtundu wa golide zawonjezera vutolo.

Ndiyambe ndi zilembozo, pakuti vuto lalikulu lagona pamenepo. Zimene wagwiritsa ntchito ndi Edwardian Script, zija zotsanzira dzanja la munthu wolemba ndi cholembera cha inki. Walemba nazo zonse: mayina, vesi, tsiku, tchalitchi, malo a madyerero, mpaka nambala za foni, ndipo zonse pa saizi 12. Saizi 12 ndi mamilimita anayi ndi pang'ono, koma muyeso umenewu umaphatikiza michira yokwera m'mwamba ndi yotsika pansi. Zilembo zamtundu uwu malo ambiri zimathera ku michirayo, moti a, e, m ndi n zimatsala tating'ono ngati njere za mawere. N'chifukwa chake 12 wa Edwardian Script amaoneka wochepa kwambiri mukamuika pafupi ndi 12 wa Times New Roman, ngakhale nambala ili imodzi.

Chichewa chathu chimavutika ndi zilembo zotere kuposa Chipwitikizi. Onani mawu ngati "mwamuna", "mwambo", "m'mawa". Muli m, w, n ndi u zotsatizana, ndipo zikalumikizana zimangooneka ngati mizere ya m'munda, yokwera ndi kutsika, osadziwa pamene chilembo china chathera. Pa khadi lanu, mu mawu akuti "m'mawa" kachizindikiro ka pakati kaja kabisala mu mchira wa m woyamba. Mzere wa tchalitchi ndiye wafika poipa chifukwa waulemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Zilembo zazikulu za mtundu wopotana anazipanga kuti ziziyamba liwu, chimodzi kenako zazing'ono. Zikandandalikana zonse, michira yake imakolana ngati nthambi za nsatsi. Tsiku nalonso, pa 17, 1 ndi 7 onse apendekera mbali imodzi ndipo ndi oonda mofanana. Ine ndinawerenga 11 poyamba, ndiye ankhoswe musawanene kuti maso atha.

Zilembo zopotana zisiyeni pa mayina a akwati basi, mizere iwiri, pa saizi 28 kapena 30. Pamenepo zimakongola, ndipo ngakhale wina avutike pang'ono, mayinawo amawadziwa kale. Ngati mnyamatayo angavomere kusintha, ayese Great Vibes kapena Allura, zonse zimapezeka zaulere, ndipo mizere yake ndi yonenepako kuposa ya Edwardian Script. Zina zonse zilembedwe ndi zilembo zoongoka ngati Garamond, saizi 11 kapena 12, koma tsiku, nthawi ndi malo zikwere kufika pa 14. Munthu amene walandira khadi amalisilira kamodzi, kenako amalitsomeka pa khoma kapena kuliika m'Baibulo. Akadzalitenganso Lachisanu usiku, mwina ndi tochi ya foni, amafuna zinthu zitatu zokha: liti, nthawi yanji, kuti.

Pali chinanso chimene anthu a kuno kwathu timakumana nacho. Mbali ya Chipwitikizi ili ndi Ulónguè, Angónia, recepção, ndipo ngati abale a ku Dedza kapena ku Ntcheu ali ndi dzina lolembedwa ndi ŵ, chimenechonso chiyenera kutuluka. Zilembo zopotana zambiri zotengedwa pa intaneti zilibe ó, è, ç, ã kapena ŵ. Kompyuta ikasowa chilembo imabwereka cha mtundu wina, kapena imaikapo kabokosi. Mnyamatayo alembe kaye mzere uwu ndi zilembo zimene wasankha, aone ngati zonse zatuluka zofanana:

```
Ulónguè Angónia recepção ŵ Ŵ ng' m'mawa 1 7 17
```

Tsopano golide. Pa foni amawala chifukwa kuseri kwa galasi kuli kuunika. Makina osindikizira wamba alibe inki ya golide. Amasakaniza yachikasu, yofiirira ndi yakuda pang'ono m'timadontho, ndipo chimatuluka ndi mtundu wa uchi wakuda kapena wa udzu wouma. Pa chilembo chonenepa timadonthoto sitioneka, koma pa kamzere koonda ngati tsitsi timadukaduka. Muikenso mtundu umenewo pa pepala la mtundu wa mkaka, ndiye kuti mwalemba chikasu pa chikasu. Golide weniweni wonyezimira ndi kachitsulo kopyapyala kamene amakamata ndi makina otentha, ntchito yapadera ya mtengo wake. Ngati mulibe ndalama zake, mawu onse akhale akuda kapena ofiirira moderako ngati maluwa aja, golide wosindikizayo atsale pa masamba ndi pa kamzere kolekanitsa mayina ndi tsiku.

Pepala limene mwayesera ndi lija lokhala ndi timizere ngati nsalu. Likagwiridwa m'manja limamveka la ulemu, ndipo ine ndimalikonda, koma siligwirizana ndi zilembo zoonda pa makina a leza. Makina amenewa alibe inki yamadzi, amamata ufa pa pepala ndi kutentha. Ufawo umagwira bwino pamwamba pa timizereto, m'timaenje sufika mokwanira. Tengani khadi lanu lija mupite nalo pa dzuwa, muone mchira wa chilembo choyamba cha dzina la mkwatibwi. Mupeza kuti wadukaduka ngati ulusi wotha. Mukapalapo ndi chikhadabo ufa wina uchoka. Mukafuna pepala limeneli, zilembo zonse zikhale zonenepa. Mukafuna zilembo zopotana, tengani pepala losalala.

Ine ndikadasankha pepala losalala losanyezimira, la magalamu 250. Nambala imeneyi ndi kulemera kwa pepala lalikulu mita imodzi mbali zonse. La mu ofesi limakhala la 80, la 160 limapindika mukaligwira pa ngodya, la 250 limaima lokha. La 300 ndi labwinonso, koma makina ang'onoang'ono ambiri amalikana kapena amalitulutsa litakhota, choncho funsani kaye osindikizawo kuti makina awo amalandira lolemera mpaka pati.

Pepala lonyezimira ndikukuletsani chifukwa linandichititsa manyazi. Chaka china ndinasindikiza makhadi a ukwati wa mwana wa mnzanga pa pepala limeneli, maluwa anatuluka okongola zedi. Madzulo banja linakhala pa mphasa kulemba mayina a oitanidwa ndi bolopeni, akalemba n'kusanjikiza. M'mawa mwake anandibweretsera mulu wonse. Inki inali isanalowe m'pepala, dzina lililonse linafufutika ndi kudinda kumbuyo kwa khadi linzake. Mayi a mkwati sananene kanthu, anangoyala makhadiwo pa tebulo langa limodzi limodzi. Ndinasindikizanso ndi ndalama zanga. Khadi lanu lili ndi mzere wolembapo dzina pa manja, ndiye pepala lililonse limene mungasankhe, lembanipo kaye ndi bolopeni, muwerenge mpaka 10, mupukute ndi chala. Ndipo poti Disembala ku Angoniya ndi nthawi ya mvula, makhadi adzayenda m'matumba a anthu pa njinga ndi pa mota, dontheziraninso kadontho ka madzi. Inki yamadzi ya makina ambiri a m'nyumba imayenderera, ya leza siyenderera.

Maluwa ali pa ngodya zonse zinayi, ndipo pakati pali mphete, nkhunda ziwiri ndi mtima wofooka kuseri kwa mawu. Khadi lanu ndi A6, mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali. Mwa kuyeza kwanga pa chithunzi, maluwa adya pafupifupi mamilimita 25 mbali iliyonse, moti mawu atsalira ndi 55 okha. Ndicho chifukwa chake mnyamatayo anachepetsa zilembo, analibe pozikulitsira. Siyani maluwa pa ngodya ziwiri, ya kumtunda kumanzere ndi ya kumunsi kumanja. Mwa mphete ndi nkhunda sankhani chimodzi. Mtima wa kuseri uchoke ndithu, chifukwa chithunzi chilichonse chokhala pansi pa mawu chimalimbana nawo. Mukasiya mamilimita 12 mbali iliyonse, mawu apeza 81, ndipo tsiku lonse likwana mzere umodzi pa saizi 14. Chipwitikizi chipite kumbuyo kwa khadi, chikhale ndi mbali yakeyake, osati kupanikizana mzere ndi mzere ndi Chichewa. Nambala za foni nazonso zipite kumbuyoko.

Kuchepetsa maluwa kukupulumutsiraninso ndalama. Pakali pano maluwa afika m'mphepete mwenimweni mwa khadi. Kuti zimenezi zituluke bwino, chithunzi chimayenera kupitirira ndi mamilimita 3 mbali zonse, ena n'kudzadulidwa, ndiye khadi limafuna malo a 111 ndi 154. Pa pepala la A4 makhadi otere amakwanapo awiri okha, kutanthauza mapepala 75. Maluwa akabwerera mkati n'kusiya mphepete yopanda kanthu ya mamilimita 6 kapena kuposa, A4 imatulutsa makhadi anayi ndendende, ndipo mufuna mapepala 38. Gulani 45, poti ena amawonongeka poyesa ndi podula. Maenvulopu ake ndi a C6, ndipo muwapeze musanadule makhadi, chifukwa kudula khadi kuti likwane mu envulopu n'kosavuta kusiyana ndi kusaka envulopu ya khadi lodulidwa kale.

Popita kosindikiza musatenge chithunzi chimene munanditumizira ine. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo timizere toonda ndito timayamba kuwonongeka. Mnyamatayo apange PDF. Ngati akugwiritsa ntchito CorelDRAW, asunge kaye kope lina loti angadzasinthe, kenako asankhe mawu onse adine Ctrl+Q kuti zilembo zisanduke zojambula, zisakasinthike pa kompyuta ya osindikiza. Ngati ndi Canva, asankhe PDF Print. Potumiza pa WhatsApp adutsire pa Document kapena Documento, osati pa zithunzi.

Akasintha zonsezi, sindikizani limodzi pa pepala lenilenilo, mulidule, mubwerere nalo kwa ankhoswe omwe aja. Muwapatse madzulo m'nyumba, osawauza kanthu, muwafunse kuti ukwati uli liti, uyamba nthawi yanji, ndipo madyerero ali kuti. Akayankha zitatu zonse osalisendeza ku maso, uzani osindikiza apitirize. Akakayika pa 17 paja, kwezani tsikulo kufika pa saizi 16 muyesenso, ndipo munditumizire chithunzi cha latsopanolo ndilione.