Munthu wolemera makilogalamu -92

"Ndinayeza anthu akuluakulu otalika masentimita 150 mpaka 185 kuti ndione mmene kutalika kumayenderana ndi kulemera. Pulogalamu ya R yandipatsa mzere wokhala ndi `(Intercept)` ya -92 ndi kupendekeka kwa 0.9 pa kutalika. Munthu angalemere bwanji makilogalamu -92? Kodi ndiichotse?"

Musaichotse. Nambala imeneyi ikungonena pamene mzere wanu ukanafika mukanautalikitsa mpaka pa munthu wa masentimita 0, koma munthu wamfupi kwambiri amene munamuyeza ali patali ndi ziro ndi masentimita 150 athunthu. Pakati ponsepo mulibe umboni uliwonse wakuti mzerewo umapitirira mowongoka, ndipo ngakhale makanda sautsata. Ntchito ya -92 ndi kukweza kapena kutsitsa mzere kuti udutse pakati pa anthu amene munawayezadi: wa masentimita 170 akupeza -92 + 0.9 × 170, omwe ndi makilogalamu 61, ndipo zimenezi n'zomveka.

Funso lanu landikhudza chifukwa ndinaonapo wophunzira wina akuimitsidwa pamaso pa omuyesa, mmodzi wa iwo atamuuza mwaukali kuti munthu wopanda msinkhu sangakhale ndi kulemera, choncho mzere uyenera kudutsa pa ziro. Mtsikanayo anangoti zyoli, n'kukachita zimene anauzidwazo. Atabwerako anali wokondwa poona kuti `R-squared`, nambala yoonetsa mmene mzere ukugwirizanira ndi zimene zinayezedwa, yakwera kufika pafupi ndi 1, osadziwa kuti `(Intercept)` ikachotsedwa R imawerengera `R-squared` kuchokera pa ziro m'malo mochokera pa avereji, moti ziwirizo siziyerekezeka n'komwe. Ine ndimaona kuti malangizo amenewa ndi oipa kuposa kusalangiza, chifukwa amamveka anzeru pamene akuwononga gawo lokhalo la mzere limene lili ndi umboni.

Tiyerekeze kuti avereji ya kutalika kwa anthu anu ndi 168. Mukaukakamiza mzere kudutsa pa ziro, 0.9 uja atsika kufika pafupifupi 0.35, ndipo wa masentimita 150 apatsidwa makilogalamu oposa 52 m'malo mwa 43, pamene wa 185 apatsidwa pafupifupi 65 m'malo mwa 74.5. Chizindikiro chake n'chakuti aafupi ambiri amagwera pansi pa mzere, aatali n'kukhala pamwamba pake.

Ndiponso -92 ameneyu ndi wogwedera, chifukwa kusintha pang'ono kwa kupendekeka kwa mzere kumachulukitsidwa ndi mtunda wonse wokafika pa ziro: 0.9 akangokhala 0.8, iye amasuntha ndi 16.8 n'kukhala -75.2. N'chifukwa chake `Std. Error` yake, yomwe imayeza kugwederako, imakhala yaikulu, ndipo nyenyezi zimene R imaika pambali pake posonyeza kuti nambalayo ndi yosiyanadi ndi ziro sizikuuzani kanthu za anthu anu.

Ngati mukufuna nambala yoti muifotokoze mu lipoti, chotsani avereji pa kutalika kwa aliyense:

```
lm(kulemera ~ I(kutalika - 168))
```

Kupendekeka kukhalabe 0.9, koma `(Intercept)` ikhala 59.2, kumene ndi kulemera koyembekezeka kwa munthu wa masentimita 168.