Macheza a WhatsApp atsala mu Android, iPhone ndayamba kale kuigwiritsa ntchito

"Achimwene, ndimagulitsa kachewere ndi nyemba kuno ku Ulongwe, ndipo ngongole zonse za makasitomala anga a ku Tete ndi ku Moatize zili mu WhatsApp ya Samsung yanga yakale, mavoisi ndi zithunzi za malisiti zomwe. Mlamu wanga wandibweretsera iPhone 11 ya 64 GB kuchokera ku Joni, ndaigwiritsa ntchito masabata awiri, koma WhatsApp inatseguka yopanda kanthu ngakhale ndinali ndi bakapu pa Google Drive. Mnyamata wina wokonza mafoni akuti ndimulipire andisamutsire pa kompyuta. Nditani?"

Achemwali, choyamba Samsung ija musaigulitse, musaipatse mwana, ndipo WhatsApp ili mmenemo musaichotse olo ikulemba kuti nambala yanu yalowa pa foni ina. Macheza anu akadali mkati mwa foniyo ndipo ndi okhawo amene tingawasamutse. Bakapu ya pa Google Drive ija imagwira pakati pa Android ndi Android basi, iPhone siyiwerenga, iyo imasunga zake ku iCloud. Ndiye simunalakwitse podina, njirayo kulibeko.

Njira imene eni ake a WhatsApp anatsegula mu 2022 ndi ya apu ya Apple yotchedwa Move to iOS, yaulele, imapezeka pa Play Store. Mu 2022 inkafuna Android 5 kupita mmwamba, ndipo imafuna iOS 15.5 kupita mmwamba, ndi nambala yomweyo mbali zonse ziwiri. iPhone 11 yanu ilibe vuto pamenepa, amene agwira iPhone 6 ndiwo aiwale chifukwa inaima pa iOS 12. Koma pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachimva mochedwa, apu imeneyi imagwira ntchito nthawi imene iPhone ikuyatsidwa ngati yatsopano, isanakonzedwe chilichonse. Yanu munaikonza kale, ndiye iyenera kufufutidwa yonse nkuyambiranso.

Apa mpofunika kuganiza bwino musanadine. Mameseji a masabata awiri amene ali mu iPhone sangaphatikizidwe ndi akale aja, WhatsApp siyisakaniza mbiri ziwiri, ndiye mukusankha pakati pa zaka zonse zija ndi masabata awiriwa. Ine ndikanasankha zakale mosakayika, nkupulumutsa zatsopanozo pamanja. Tsegulani macheza a kasitomala aliyense amene mwapangana naye za ndalama masiku amenewa, dinani dzina lake pamwamba, tsikani mpaka pa Export Chat, mudzitumizire pa imelo. Chimatuluka ndi fayilo ya mawu yongowerenga, siyibwereranso mu WhatsApp, koma tsiku ndi nthawi ya meseji iliyonse zimaoneka, munthu akadzakana kuti sanatenge matumba khumi muli ndi pomuonetsa. Zithunzi zimene mwajambula ndi iPhone nazonso zisungeni kwina kaye.

Chachiwiri, poti foniyi yachokera ku Joni, lowani mu Settings muone dzina lili pamwamba penipeni. Ngati ndi akaunti ya Apple yanu ndipo pasiwedi mukuidziwa, zili bwino. Ngati ndi ya mlamu wanu kapena ya munthu amene anamugulitsa, musafufute mpaka mwini wake atulukemo, apo ayi foni ikayaka idzafunsa pasiwedi ya munthu ameneyo ndipo palibe wokonza mafoni pamsika amene angaitsegule mwachilungamo. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa apa munthu atha kutaya foni yonse pofuna kupulumutsa macheza.

Zimenezi zikatheka, bwezani SIM mu Samsung, tsegulani WhatsApp mulowenso ndi nambala yanu, muone ndi maso kuti macheza onse alipo, muipange apudeti. Kenako pitani pa Settings > Storage and data > Manage storage muone kukula kwake. Tinene kuti yalemba 20 GB, ndipo mwina zambiri ndi mavidiyo a mmagulu a tchalitchi ndi a mpira amene simudzawaoneranso. Fufutani amenewo. Pa 64 GB paja gawo lina linadyedwa kale ndi iOS, ndipo katundu akachuluka kusamutsa kumatenga maola, mpata woti zidukire panjira nkumakulanso. Mavoisi ndi malisiti anu sizilemera kwenikweni, ndi mavidiyo amene amalemetsa.

Tsopano fufutani iPhone pa Settings > General > Transfer or Reset iPhone > Erase All Content and Settings. Ngati mafoni anu ali mChipwitikizi mayina awa adzaoneka mwina, mutha kusintha chilankhulo kwa kanthawi kuti tiziyendera limodzi. Ikayaka idzafuna intaneti pang'ono kuti itseguke, pitirizani mpaka pa tsamba losamutsa zinthu, musankhe From Android, pa iOS yakale amalemba Move Data from Android. Idzaonetsa manambala 6 kapena 10, muwalembe mu Move to iOS pa Samsung. Pa mndandanda umene ubwere chongani WhatsApp, ndi makontakiti omwe kuti mayina a makasitomala asasanduke manambala okhaokha, dinani Start, WhatsApp ikonze katundu wake, kenako Next ndi Continue. Mamega anu sakudyedwa apa, iPhone imapanga Wi-Fi yakeyake yakanthawi ndipo zinthu zimayenda pakati pa mafoni awiriwo.

Pamene zimakonda kufera ndi pa Wi-Fi imeneyi. Poti ilibe intaneti, Samsung imaiona ngati netiweki yakufa nkuthawira ku data ya Movitel kapena Vodacom, pomwepo mzere umaima kapena imalemba kuti zalephereka. Ndiye zimitsani data musanayambe, muzimitsenso zija zoti foni izisintha yokha netiweki. Foni ikalira pakati nkuyankha, kapena mukatsegula apu ina, zimadukanso, bwino kuchita usiku makasitomala atagona, mafoni onse ali pa chaji moyandikana, pawabanki ili pafupi poti magetsi atha kuthima. Samsung ikalemba kuti yamaliza musathamange, dikirani mzere wa pa iPhone nawo ufike kumapeto. Zikaduka mufufutenso iPhone nkuyambanso, mu Samsung simutayika kanthu.

Ikamaliza ikani SIM mu iPhone, tengani WhatsApp pa App Store, lowani ndi nambala yomweyo, kodi ibwera pa SMS, ngati munaika PIN ya manambala 6 ija ifunsanso. Idzakufunsani zolowetsa macheza, dinani Start. Ikapanda kufunsa nkungotseguka yopanda kanthu ndiye kuti WhatsApp sinadutse, kapena nambala yasiyana. Zimene zimabwera ndi macheza, magulu, mavoisi, zithunzi ndi mavidiyo. Mbiri ya mafoni amene munaimba pa WhatsApp siyibwera, ndipo chithunzi chimene munachifufuta kale mu Samsung sichingabwerere.

Za mnyamata wa kompyuta uja, mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito si a WhatsApp kapena a Apple. Amakopa anthu chifukwa amalonjeza kusamutsa osafufuta iPhone, ndipo sindikunena kuti sagwira konse, koma ambiri amalemba pamwamba pa macheza ali mu iPhone, ndiye masabata awiri aja amapitabe, ndipo WhatsApp ikasintha kasungidwe kake amatha kubweretsa zinthu zoperewera, mavoisi osalira kapena zithunzi zosatseguka. Komanso mumayenera kumupatsa foni yotsegula ndi makodi anu, ngongole za anthu, mameseji a M-Pesa ndi nkhani zapabanja nkutsala pa kompyuta yake. Ine sindingalole zimenezo njira yaulele ilipo. Ngati mukufuna wokuthandizani, mulipireni kuti achite za Move to iOS zomwezi inu muli pompo.

Zikadutsa tsegulani makasitomala angapo akalekale, imvani mavoisi, onani malisiti, ndipo muyatse bakapu pa Settings > Chats > Chat Backup chifukwa zimene zasamukazi sizipita zokha ku iCloud. Malo aulele kumeneko ndi 5 GB basi, ndiye siyani Include Videos ili yozimitsa. Samsung isungeni mwezi wathunthu musanaifufute.