Matayala akutsetsereka pamsewu

"Ndikupanga kakanema ka minibasi yochoka pa depoti ya Mangochi mu Blender, koma matayala akutsetsereka ngati ali pamatope. Nditani?"

Achimwene, lekani kuzunguza matayala pamanja. Ikani dalaivala pa `Rotation` ya tayala lililonse, awerenge `dist`, mtunda umene galimoto yayenda, n'kuugawa ndi `r`, theka la m'mimba mwa tayala:

```
dist / r
```

Tayala la `r` 0.35 m likayenda mamita 11 lizungulira kasanu. Ine ndinayeza tayala m'mimba monse m'malo mwa theka, matayala n'kumazungulira mwaulesi, theka la liwiro. Ndinatha usiku wonse ndikusaka.

Chenjerani pakona: mukamawerenga `location` ya mbali imodzi, galimoto ikakhota matayala amaima. Werengani mtunda wa panjira.

Masipuling'i musawayendetse pamanja, `Generic Spring` ya mu `Rigid Body Constraint` igwedeza bodi yokha minibasi ikagunda bampu. Ikamanjenjemera osaleka, kwezani `Damping`. Ngati ndi ntchito ya kasitomala, wodziwa kumanga marigi aione kaye.