Dulani "zokongola", mtengo muusiye

"Achimwene, pamene ndimaika malonda anga pamalowa zilembo 60 zokha. Ndalemba kuti: Zitenje zokongola kwambiri zochokera ku Malawi, zathonje lenileni, mamita awiri chimodzi, mtengo wake madola 6 a ku Amereka. Pakukana. Ndichotse chiyani?"

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa tsiku limene ndinachita manyazi pa Mbare Musika. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa nsalu, ndipo mawu atandichulukira ndinachotsa "mamita awiri" n'kusiya "zosasuluka, zowala ngati zaukwati". Ndinkati amenewo ndiwo mawu okoka anthu. Mayi wina ananyamuka ku Chitungwiza, kulipira kombi ndi ndalama zake, akuganiza kuti pamtengo umenewo atenga mpukutu wonse wa mayadi 6 woti asoketse diresi ndi duku. Nditawatambasulira chitenje chimodzi anangochigwira kunsonga ndi zala ziwiri, n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinawabwezera ya kombi, phindu la tsikulo n'kuthera pomwepo.

Kuyambira pamenepo mawu oti "zokongola" ndimadana nawo. Alipo wogulitsa amene analembapo kuti katundu wake ndi wonyansa? Kukongola chithunzi chimanena chokha, koma chithunzi sichingauze munthu ngati nsaluyo ndi thonje kapena poliyesitala, ngakhale kutalika kwake.

Za mtengo ndiye musandiyambe. Muno mu Harare, chibwerereni ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, mu Epulo 2024, kulemba 6 yekha ndi kuitana mkangano, chifukwa wina adzaumirira kuti iye amayesa ndi ZiG. Zilembo zitatu za US$ sindizichotsa, zivute zitani.

Ndisanaiwale, inu otsatsa pa SMS: uthenga umodzi umatenga zilembo 160, koma mukangoikamo ŵ wa kadenga uja kapena kankhope kosekerera, malire amatsika kufika pa 70 ndipo mumalipira mauthenga awiri kapena atatu. Malawi mulembeni ndi w wamba.

Tsono zanuzo

Ndawerenga, zilipo 123, pamodzi ndi mipata ndi zizindikiro za m'kalembedwe, pakuti nazonso makina amawerenga. "Zokongola kwambiri" ndi "lenileni" zipite. "Mamita awiri" akhale 2m, ndipo "mtengo wake madola 6 a ku Amereka" akhale US$6. Nenani za chitenje chimodzi, kuti wina asaganize kuti mtengowo ndi wa mulu:

```
Chitenje chathonje, 2m, US$6 chimodzi. Cha ku Malawi
```

Zimenezi ndi 52. Malawi ndamuika kumapeto dala, chifukwa malo ena mawu akapyola amangodula mchira osakuuzani, ndiye kuli bwino lidulidwe dziko kusiyana ndi mtengo. Zilembo 8 zatsalazo muikepo mtundu ngati ukukwana. Mukatumiza, tsegulani pafoni ya mnzanu muone ngati US$6 akuoneka.